Kukwera kalasi kapena kubwereza: zimene maminitsi a msonkhano wa aphunzitsi ayenera kunena

M'sabata yomaliza ya teremu yachitatu, mayeso atachongedwa, aphunzitsi a sukulu ya sekondale amakhala pansi ndi mapepala a malikisi kuti aone amene akwere kalasi ndi amene abwereze. Msonkhanowu umatha kudya tsiku lonse. Ukatha aliyense amatuluka ali wotopa, ena akuganiza kale za ulendo wa kumudzi, ndipo pakangopita masiku atatu sukulu yatsekedwa. Chimene chimatsala pa zonse zimene zinakambidwa m'chipindamo ndi mapepala ochepa amene mlembi walemba, omwe aphunzitsi amangowatchula kuti maminitsi. Mphunzitsi wa kalasi amene akulemba malipoti, kalaliki amene akukonza kaundula wa chaka chamawa, ndi ahedi amene adzayankhe kholo lodandaula sukulu ikatsegulidwa, onse amadalira mapepala amenewa.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya mlembi ndi kulemba zimene aliyense wayankhula. Pa msonkhano wa malikisi ntchito yake ndi ina. Iye ayenera kulemba chigamulo m'njira yoti munthu amene sanali m'chipindamo athe kuchigwiritsa ntchito osafunsa wina aliyense. Kuti izi zioneke bwino, tiyeni titsate msonkhano umodzi. Sukulu yake ndi yongoyerekeza, ndipo manambala onse ndi achitsanzo, chifukwa sukulu zimasiyana malamulo ake pa nkhani ya kukwera kalasi.

Tinene kuti ndi Fomu 3 ya ophunzira 58. Lamulo la sukuluyi likuti malikisi a chaka pa phunziro lililonse amapezeka pophatikiza materemu atatu: teremu yoyamba imatenga magawo 25 pa 100, yachiwiri 25, yachitatu 50. Wopeza 40 wakhoza phunzirolo. Kuti apite Fomu 4, wophunzira ayenera kukhoza maphunziro 6, ndipo Chingerezi chikhale chimodzi mwa iwo. Sukulu zambiri zimatsamira pa muyezo wonga uwu potengera satifiketi ya MSCE, imene bungwe la Maneb limapereka kwa amene wakhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo limodzi mwa maphunzirowo walikhoza pa mlingo wa kirediti. Aphunzitsi amafuna kudziwiratu ngati mwana akuyandikira muyezo umenewo chaka chisanakwane.

Mlembi wodziwa ntchito amalemba lamuloli pamwamba pa nkhani ya malikisi, asanatchule dzina la mwana ngakhale mmodzi, ndipo amasonyeza kumene lachokera, kaya ndi m'buku la malamulo a sukulu kapena ndi chigamulo cha msonkhano wina wam'mbuyo. Wapampando, yemwe kawirikawiri amakhala mphunzitsi wamkulu, amachita bwino kuliwerenga mokweza ndi kufunsa ngati onse akulimva mofanana. Chifukwa chake n'chakuti lamulo limene limakambidwa mayina atayamba kale kuwerengedwa limapindika potsata nkhope. Mwana waulemu, wodziwika ndi aphunzitsi onse, amapeza omuyankhulira ambiri, pamene mnzake wofatsa wokhala kumbuyo, amene malikisi ake ndi omwewo, sapeza womutchula. Lamulo likalembedwa koyamba, onse awiri amayezedwa ndi muyezo umodzi.

Pa ana 58 aja, ambiri nkhani yawo siivuta. Amene akhoza bwinobwino safunika kukambidwa mmodzimmodzi, ndipo maminitsi amangonena kuti msonkhano walandira pepala la malikisi, lomwe laphatikizidwa kumapeto ngati pepala A, losainidwa ndi akulu a madipatimenti. Nthawi yonse imathera pa ana ochepa amene ali m'malire, ndipo apa m'pamene maminitsi amakhoza kapena kulakwa.

Woyamba ndi wophunzira nambala 17. Wakhoza maphunziro ena 5 popanda vuto, koma Chingerezi anapeza 44 teremu yoyamba, 38 yachiwiri, 38 yachitatu. Tikawerengetsa potsata lamulo lija, teremu yoyamba ikumupatsa 11, yachiwiri 9.5, yachitatu 19, zonse pamodzi 39.5. Watsala ndi theka la malikisi kuti akhoze, ndipo theka limenelo ndi limene likusiyanitsa Fomu 4 ndi chaka china chathunthu cha fizi, yunifomu ndi manyazi.

Aphunzitsi adzakambirana, ndipo tinene kuti agwirizana kuti 39.5 iwerengedwe ngati 40. Mlembi wothamanga amangolemba kuti "nambala 17 wathandizidwa, apite Fomu 4." Chiganizo chimenechi chili ndi mavuto awiri. Choyamba, chikumveka ngati mwanayo wachitiridwa chifundo, ndipo kholo lina likamva lidzafunsa chifukwa chimene wake sanachitiridwe chifundo chomwecho. Chachiwiri, sichikunena kanthu za ana ena amene ali ndi 39.5 pa phunziro lina. Chofunika kulembedwa ndi lamulo lenileni limene msonkhano wagwirizana: kuti malikisi a chaka, osati a teremu iliyonse payokha, akathera pa theka kapena kuposerapo akwezedwe kufika pa nambala yathunthu yotsatira, ndipo izi zikhudze ophunzira onse ndi maphunziro onse. Kenako mlembi atchule amene lamulolo lawasinthira zotsatira. Mwina apezeka atatu, osati mmodzi yekha amene anali ndi omuyankhulira.

Masiku ano malikisi ambiri amaphatikizidwa pa kompyuta, ndipo pamenepo pali msampha umene wagwetsa ana osalakwa. Mu pulogalamu ya Excel munthu akhoza kuuza bokosi kuti lisamaonetse manambala a kumanja kwa kadontho. Bokosilo limaonetsa 40, koma mkati mwake likusungabe 39.5. Ndiye fomula imene ikufunsa ngati mwana wafika 40 imayankha kuti ayi, ndipo pepala limatuluka likuonetsa 40 pambali pa mawu akuti walephera. Aliyense woona pepala lotere adziwe kuti chigamulo cha msonkhano sichinafike m'kompyutamo. Njira yake ndi kuika kukwezako mu fomula momwemo:

```
=ROUND(B2*0.25+C2*0.25+D2*0.5,0)
```

N'chifukwa chake maminitsi ayenera kutchula munthu amene akasinthe pepala la pa kompyuta, ndi wina amene akaone ngati lasinthidwadi.

Nkhani yachiwiri ndi ya wophunzira nambala 31, ndipo ndi imene imandiwawa kwambiri, chifukwa imachitika mosavuta ndipo mwanayo sadziwa n'komwe kuti walakwiridwa. Mtsikanayu anagonekedwa m'chipatala sabata ya mayeso a teremu yachiwiri, moti Bayoloje sanalembe. Teremu yoyamba anapeza 52, yachitatu 48. Pa pepala la malikisi malo a teremu yachiwiri anasiyidwa opanda kanthu, ndipo kompyuta pophatikiza imawerenga malo opanda kanthu ngati ziro. Zotsatira zake ndi 13 kuphatikiza 0 kuphatikiza 24, zomwe ndi 37. Walephera Bayoloje, ndipo popeza ili linali phunziro lake lachisanu ndi chimodzi, dzina lake lagwera pa mndandanda wa obwereza.

Mphunzitsi wa kalasi akakumbukira za matendawo, msonkhano uli ndi njira zingapo. Ukhoza kuwerengetsa malikisi ake pa materemu awiri okha amene analemba: wapeza 37 pa magawo 75, zomwe zikufanana ndi 49 pa 100, ndiye kuti wakhoza ndithu. Ukhoza kumuuza kuti alembe mayeso apadera sukulu ikangotsegulidwa. Ukhozanso kuimitsa nkhani yake mpaka umboni wa kuchipatala utaoneka. Njira iliyonse ili ndi omwe angaikonde, ndipo kusankha ndi kwa msonkhano. Cha mlembi ndi kuonetsetsa kuti njira imene yasankhidwa yalembedwa yonse. M'sukulu zambiri za m'Malawi maminitsi amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo yolembedwa bwino, m'chilankhulo chilichonse, ingaoneke motere:

"Mfundo 4.2. Wophunzira nambala 31, Fomu 3, Bayoloje. Sanalembe mayeso a teremu yachiwiri pa chifukwa chovomerezeka. Umboni waonedwa ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu ndipo uli m'failo ya wophunzirayo. Msonkhano wagamula kuti malikisi ake a chaka awerengedwe pa teremu yoyamba ndi yachitatu zokha. Malikisi akale 37, atsopano 49. Maphunziro amene wakhoza ndi 6 kuphatikizapo Chingerezi. Akwera kupita Fomu 4. Wochita: mkulu wa dipatimenti ya sayansi asinthe pepala A pofika Lachitatu masana, mphunzitsi wa kalasi alembe lipoti potsata pepala losinthidwalo."

M'mizere yochepayi muli zonse zofunika: nkhani ndi ya ndani, chagamulidwa n'chiyani, pa chifukwa chanji, nambala yakale ndi yatsopano, amene achitepo kanthu ndi tsiku lake. Nambala yakale ndi yofunika ngati yatsopanoyo. Tsiku lina wina adzapeza pepala loyamba lija likunena 37, ndipo popanda mfundo iyi adzaganiza kuti mphunzitsi anabera mwana malikisi mwamseri.

Onaninso chimene mfundoyi sinanene. Sinatchule matenda a mtsikanayo. Maminitsi amawerengedwa ndi aphunzitsi onse, amadutsa m'manja mwa wotaipa, ndipo amakhala m'kabati zaka zambiri. Mawu akuti "chifukwa chovomerezeka" ndi okwanira, ndipo umboniwo ukhale m'failo imene amaiona ndi anthu ochepa. Chimodzimodzi ndi nkhani ya mtsikana amene anaima sukulu chifukwa cha pakati. Kuyambira 1993 Malawi ili ndi ndondomeko yolola atsikana otere kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mwana amene walimba mtima n'kubwerera sayenera kupeza kuti nkhani yake inalembedwa mwatsatanetsatane pa pepala limene aliyense amaliwerenga. Mawu amene aphunzitsi amaponya mkangano ukatentha, akuti mwana uyu ndi waulesi kapena makolo ake sasamala, nawonso alibe malo m'maminitsi. Ngakhale mayina a amene anatsutsana safunika, pokhapokha mphunzitsi atapempha yekha kuti kusagwirizana kwake kulembedwe, ndipo akapempha mlembi alembe.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chiyenera kulembedwa ndithu. Pa sukulu zambiri ana a aphunzitsi amaphunzira pomwepo. Nkhani ya mwana wotere ikafika, bambo kapena mayi ake atuluke, ndipo maminitsi anene kuti anatuluka pa mfundo yakuti ndipo anabwerera itatha. Chiganizo chimodzi chimenechi chimateteza mphunzitsiyo ndi mwana yemwe ku miseche ya pa msika.

Nkhani yachitatu ikukhudza kalasi yonse. Pa mayeso a Masamu a teremu yachitatu funso limodzi la malikisi 10 linataipidwa molakwika, moti silinkayankhika. Aphunzitsi onse avomereza kuti ana asalangidwe pa cholakwa chimene si chawo, ndipo mlembi walemba kuti "malikisi a Masamu akonzedwe." Aliyense watuluka akuganiza kuti nkhani yatha, chonsecho mawu amenewo angamveke pawiri. Mphunzitsi wina adzachotsa funsolo n'kuwerengetsa pepala pa 90. Wina adzangowonjezera malikisi 5 kwa aliyense, poganiza kuti ndilo theka la funso lija. Tengani mwana amene anapeza 35. Pa njira yoyamba, 35 pa 90 ndi pafupifupi 39 pa 100. Pa njira yachiwiri wafika 40. Kusiyana kwake ndi kochepa, koma kwa mwana amene materemu ake ena alinso m'malire kukhoza kukhala kusiyana kwa kukhoza ndi kulephera. Ngati Fomu 3 ili ndi makalasi awiri ndipo aphunzitsi a Masamu ndi awiri, ana a malikisi ofanana adzalandira zotsatira zosiyana, popanda aliyense woipa mtima. Mlembi akaona kuti chigamulo chili chotere, ndi udindo wake kukweza dzanja msonkhano usanapite pa mfundo ina, n'kunena kuti, "A wapampando, ndiwerenge zimene ndalemba kuti muone ngati ndi zomwe mwagwirizana." Nthawi zambiri powerengapo m'pamene zimadziwika kuti anthu anali asanagwirizane.

Ntchito ya ulembi kawirikawiri imagwera mphunzitsi wachinyamata amene wangofika kumene, ndipo mwa ulemu wathu n'kovuta kuti adule mawu akuluakulu. Wapampando wanzeru amamuchotsera mtolo umenewu pofunsa yekha kumapeto kwa mfundo iliyonse kuti, "A mlembi, mwalemba chiyani?"

Mayina onse akatha, pamatsala kuwerengetsa kumene kumatenga mphindi ziwiri zokha koma kumagwira zolakwa zambiri. Tinene kuti okwera ndi 49, okwera moyesedwa ndi 4, obwereza ndi 3, ndipo awiri nkhani yawo yaimitsidwa. Zonse pamodzi ndi 58, monga m'kaundula. Zikakwana 57, ndiye kuti pali mwana amene sanagamulidwe, ndipo kawirikawiri amakhala wobwera pakati pa chaka kuchokera sukulu ina, kapena mmodzi mwa ana awiri a dzina limodzi. M'kalasi imodzi mukhoza kukhala a Banda anayi ndi a Phiri asanu, ena ofanana ndi dzina loyamba lomwe, choncho nambala ya wophunzira iyenera kuyenda limodzi ndi dzina pa mndandanda uliwonse.

Magulu awiri mwa anayiwa amafuna mawu owonjezera. "Kukwera moyesedwa" kulibe tanthauzo ngati maminitsi sanena kuti kuyesedwako n'kotani: mwana apeze chiyani, pofika liti, ndani amutsate, ndipo akalephera chidzachitike n'chiyani. Apa msonkhano uyenera kukumbukira kuti ophunzira a Fomu 4 amalembetsa mayeso a Maneb chaka cha sukulu chisanapite patali, ndiye kubweza mwana ku Fomu 3 atalembetsa kale ndi kulipira n'kovuta kwambiri. Nawo oimitsidwa aja amafunika tsiku ndi munthu. Maminitsi anene kuti kagulu ka anthu akutiakuti kapatsidwa mphamvu yomaliza nkhaniyo pofika tsiku lakuti, apo ayi ana awiriwo adzafika tsiku lotsegulira osadziwa kalasi yolowa.

Tsopano tifike pa vuto limene misonkhano ina ilibe. Mwa chizolowezi, maminitsi amawerengedwa ndi kuvomerezedwa pa msonkhano wotsatira. Koma msonkhano wotsatira wa aphunzitsi udzachitika holide itatha, pamene malipoti anapita kalekale kwa makolo, ena anagula kale mabuku a Fomu 4, ena anasamutsa mwana kupita sukulu ina chifukwa chomva kuti wabwereza. Cholakwa chopezeka nthawi imeneyo chimakhala chitavulaza kale. Ndiye maminitsi a malikisi sangadikire mwambo umenewo. Njira yabwino ndi yakuti mlembi awerenge zigamulo zonse mokweza msonkhano usanatsekedwe, alembe bwino tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, wapampando aone ndi kusaina tsamba lililonse pamodzi ndi mapepala ophatikizidwa, kenako akulu a madipatimenti ndi aphunzitsi a makalasi alandire, n'kupatsidwa tsiku limodzi loti anene ngati aona cholakwa. Malipoti alembedwe pambuyo pake, kuchokera pa pepala losainidwalo, osati pa zimene mphunzitsi akukumbukira kapena zimene analemba kuseri kwa buku lake. Kuvomereza kwa mwambo kudzachitikabe pa msonkhano wotsatira, ndipo pamenepo mfundo iliyonse yokhala ndi wochita idzafunsidwa ngati inachitika.

Ku yunivesite njira imeneyi ndi yayitali kuposa apa. Ku sukulu ngati Yunivesite ya Malawi ku Zomba kapena Yunivesite ya Mzuzu, malikisi amayamba kuonedwa ku dipatimenti, n'kukwera ku bwalo la pamwamba pake, mpaka kukafika ku Seneti, yomwe ndiyo imavomereza zotsatira. Choncho maminitsi a ku dipatimenti amanena kuti msonkhano wapereka maganizo akuti wophunzira apitirire, alembe sapu kapena abwereze, osati kuti wagamula. Mlembi wa pa sekondale nayenso adziwe malire a msonkhano wake. Ngati nkhani ina, monga kuchotsa mwana sukulu, ili m'manja mwa bodi kapena akuluakulu a maphunziro, maminitsi asalembe ngati kuti aphunzitsi aimaliza.

Kugawa maminitsi sikutanthauza kuti aliyense alandire zonse. Maminitsi athunthu ndi a amene anali mamembala a msonkhano. Kalaliki akufunika mndandanda wa makalasi atsopano basi. Kholo likufunika chigamulo chokhudza mwana wake yekha, chifukwa chake mwachidule, ndi kumene lingakadandaule pamodzi ndi tsiku lomaliza kutero. Kujambula tsamba la malikisi pa foni n'kuliponya pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi kumaoneka kofulumira, koma chithunzi chikachoka pa foni imodzi sichibwezeka, ndipo mwana akhoza kumva kwa anzake kuti wabwereza sukulu isanauze makolo ake. Ana obwereza ndi bwino kuti makolo awo aitanidwe ndi kuuzidwa pamaso, mphunzitsi ali ndi pepala m'manja lotha kuyankha funso lakuti malikisi amenewa anapezeka bwanji.

Cholakwa chikapezeka maminitsi atasainidwa kale, tsambalo lisafufutidwe, lisapakidwe choyeretsera, ndipo lisataipidwenso n'kulowetsedwa m'malo mwa lakale. Tinene kuti mphunzitsi wa Jogalafe wapeza kuti anaphonya pophatikiza malikisi a nambala 44, analemba 36 m'malo mwa 46. Alembe kalata yaifupi kwa wapampando, aphatikize pepala la mayeso la mwanayo, mkulu wa dipatimenti aphatikizenso yekha n'kusaina. Wapampando akavomereza, kalatayo imangiriridwe kumbuyo kwa maminitsi ndi tsiku lake, onse amene analandira mndandanda woyamba alandire wokonzedwa, wakalewo ubwezedwe, kholo liuzidwe nthawi yomweyo, ndipo msonkhano wotsatira ulembe kusinthako ngati mfundo yakeyake yokhala ndi nambala yakale ndi yatsopano.